Chilengezo chanu chinene za ntchito, osati za munthu amene mwamujambula m'mutu

Funso: Ndili ndi bizinesi yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, ndipo ndili ndi antchito 14. Ndikufuna kalaliki wa m'nyumba yosungira katundu. Chilengezo ndalemba chonchi: "Tikufuna mnyamata wamphamvu, wa zaka 22 mpaka 30, wosakwatira, woopa Mulungu, wa digiri, wokhala pafupi. Akhale wolimbikira ndi wokonzeka kugwira ntchito iliyonse. Tumizani kalata ndi chithunzi." Mnzanga wandiuza kuti muli tsankho. Ine ndilibe chidani ndi munthu, kungoti ndinapsa kale: wina ankangojomba chifukwa cha za kunyumba, wina anandibera. Ndilembe bwanji kuti ndisasale munthu komanso ndisatolenso wolakwika?

Yankho: Mnzanuyo wanena zoona, koma musathamangire kufufuta mawuwo n'kusiya pepala loyera. Kuseri kwa liwu lililonse limene mwalembalo kuli chinthu chenicheni chimene mukuchiopa, ndipo manthawo ndi omveka. Cholakwika n'chakuti manthawo mwawaveka nkhope ya munthu. Tawerengani nokha: mwatchula zinthu zisanu ndi zinayi zofotokoza mmene munthuyo akhalire, koma palibe mzere ndi umodzi womwe wonena zimene azidzachita Lolemba m'mawa lole ya katundu ikaima pakhomo. Chilengezo choterocho chimathamangitsa anthu amene akanaigwira bwino ntchitoyo, pomwe wakuba ndi wojomba chimawalowetsa bwinobwino, chifukwa mnyamata wosakwatira wa zaka 25 amathanso kuba, ndipo amathanso kujomba.

Ndiye yambirani kuntchito. Tengani kope, mukakhale m'nyumba yosungira katunduyo masiku angapo, muzilemba chilichonse chimene wogwirizira ntchitoyo pakali pano akuchita komanso nthawi imene chikumutengera. Musalembe za m'mutu muli mu ofesi, chifukwa eni bizinesi timakumbukira kwambiri tsiku limodzi lija limene kalaliki anathandiza kutsitsa simenti, n'kuiwala masiku ena onse amene anathera pa kaundula. Mwina mupeza zonga izi: lole imabwera kawiri pa sabata, iye amawerenga zimene zatsitsidwa n'kufananiza ndi chikalata chobwera ndi katunduyo, tsiku lililonse amatulutsa katundu kwa amene wabwera ndi chikalata chosainidwa, madzulo amalowetsa zonse mu kompyuta, kumapeto kwa mwezi amawerenga sitoko yonse n'kufotokoza pamene pasiyana. Nanga kunyamula? Mwina ndi zidebe za penti za malita 20, zolemera makilogalamu 25 kapena kupitirira pang'ono, kuzichotsa pansi kuziika pa shelefu kangapo patsiku. Matumba a simenti a makilogalamu 50 mwina alipo kale anthu owatsitsa.

Zimene mwapezazo ndizo zilowe m'chilengezo, ndipo mzere uliwonse uyambe ndi chochita, utchule chinthu chimene akuchichitacho, ndipo ngati n'kotheka unene kuti kangati. "Kuyang'anira sitoko" sikunena kanthu. "Kuwerenga katundu yense kumapeto kwa mwezi ndi kulemba lipoti la pamene kaundula wasiyana ndi zimene zili pa shelefu" kukunena zonse, ndipo munthu amene sakonda manambala adziona yekha kuti si malo ake. Mizere isanu kapena isanu ndi umodzi yotere ndi yokwanira, yaikulu ikhale pamwamba. Mawu akuti "ntchito iliyonse" achotseni. Munthu wodziwa ntchito akawaona amamva kuti azidzatumidwa kukatenga ana a bwana kusukulu, ndipo amene amalimba mtima n'kufunsira ndi uja wasowa pogwira. Ngati mukufuna mpata woti muzimupempha zina, lembani kuti "ndi ntchito zina zokhudza kusunga katundu". Pamenepo mwaika malire.

Tsopano tibwere ku mawu anu aja, ndipo ndikhalitsa pa "mnyamata wamphamvu" chifukwa ndi pamene anthu ambiri amakakamira. Chimene mukufuna ndi chakuti chidebe cha penti chichoke pansi chifike pa shelefu. Choncho lembani zimenezo: "Ntchitoyi imafuna kusuntha katundu wolemera mpaka makilogalamu 25 kangapo patsiku." Pali amayi amene chidebe choterocho amachinyamula osaphethira, ndipo pali anyamata amene msana wawo sungalole. Onaninso kuti ndati "kusuntha", sindinati "kunyamula pamanja". Ngati muli ndi kangolo kokankhira katundu, munthu amene ali ndi ulumali wa mwendo kapena dzanja akhoza kuigwira ntchito yomweyo m'njira ina, ndipo chofunika kwa inu ndi chakuti katundu wafika pamalo ake.

Nkhani imeneyi inafikapo kukhothi lalikulu la ku America mu 1977, pa mlandu wa Dothard ndi Rawlinson. Boma la Alabama linali ndi lamulo lakuti woyang'anira akaidi akhale wolemera mapaundi 120, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 54, komanso wotalika masentimita pafupifupi 157 kapena kuposa. Lamulolo silinatchule mwamuna kapena mkazi, koma linkatsekereza akazi ochuluka zedi kuposa amuna. Aboma anati iwo akungofuna anthu amphamvu. Khothi linawayankha kuti ngati mphamvu ndiyo ikufunika, yesani mphamvuyo mwachindunji, osati kuilosera pa sikelo. Mfundo imeneyo ndi yothandiza ngakhale kwa inu amene muli ndi antchito 14: chimene mukufunadi chiyeseni chomwecho. Pa tsiku la mafunso, aliyense wofunsira asunthe chidebe chimodzimodzi kuchoka pamalo amodzimodzi.

Za malamulo ndinene mwachidule. Maziko amene mayiko ambiri anatengerapo ndi pangano nambala 111 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la mu 1958. Limaletsa kusiyanitsa anthu pa ntchito potengera mtundu, khungu, kuti ndi mwamuna kapena mkazi, chipembedzo, maganizo a ndale, dziko limene munthu kapena makolo ake anachokera, ndi banja kapena gulu limene anabadwiramo. Mayiko ambiri pa malamulo awoawo anawonjezera zina monga ulumali, zaka zakubadwa, kukhala pabanja kapena ayi, uchembere, ndi kachilombo ka HIV. Mndandanda umasiyana dziko ndi dziko, choncho lamulo la ntchito la kwanu muliwerenge, ndipo kumbukirani kuti malamulo otere kawirikawiri amateteza ngakhale munthu amene akungofunsira, asanalembedwe. Pangano lomwelo limanenanso kuti kusiyanitsa kochokera pa zimene ntchitoyo payokha imafunadi si tsankho. Ndiye funso la liwu lililonse ndi limodzi: kodi ntchito ndiyo ikufuna zimenezi, kapena ndine?

"Wosakwatira" mwalemba chifukwa cha wojomba uja. Koma banja silijombetsa munthu. Alipo osakwatira amene akulera abale awo anayi, ndipo alipo a pabanja amene chaka chimatha osachedwapo. Chimene mukufuna ndi munthu wopezeka pa nthawi ya ntchito, ndiye nthawiyo ilembeni poyera: kuyambira tsiku lanji mpaka lanji, ola lanji mpaka lanji, Loweruka amagwira kapena ayi, tsiku lowerenga sitoko amaweruka nthawi yanji. Munthu aliyense amadziwa za kunyumba kwake kuposa inu, adzadziyeza yekha. Kenako imbirani foni kumene ankagwira kale, mufunse za kabweredwe kake kuntchito. Chimodzimodzinso "wokhala pafupi". Simukufuna adiresi yake, mukufuna kuti 7:30 ikamakwana geti likhale litatsegulidwa. Kutchula dera kuli ndi vuto linanso: m'mizinda yambiri anthu a mtundu umodzi kapena a chipembedzo chimodzi amakonda kukhala mbali imodzi, moti posankha dera mumapezeka mwasankha mtundu musakudziwa.

"Woopa Mulungu" ndikumvetsa kumene achokera, munaberedwa. Koma mawuwa owerenga amawamva ngati funso la chipembedzo, ndipo wa chikhulupiriro china kapena wosapemphera amadziwa kuti pakhomo pano sakufunidwa. Komanso sagwira ntchito imene mwawatuma, pakuti wakuba aliyense pa tsiku la mafunso amaopa Mulungu kwambiri. Kukhulupirika sikulembedwa m'chilengezo kuti munthu akuvomereni pakamwa. Kumafufuzidwa. Lembani kuti wofunsira apereke maina a anthu awiri amene anamuyang'anirapo pa ntchito, ndipo kuti mudzawafunsa. Mukawaimbira, funsani zenizeni: ankagwira makiyi? sitoko inkagwirizana ndi kaundula? mungamulembenso? Zotsalazo ndi za kayendetsedwe kanu. Ngati munthu mmodzi ndiye amalandira katundu, kulemba m'kaundula, kutulutsa, n'kudziwerengeranso yekha kumapeto kwa mwezi, ndiye kuti khomo mwatsegula nokha, kaya mwalemba yani. Powerenga sitoko pazikhala munthu wachiwiri, ndipo zimenezo muzitchule m'chilengezo. Wa zala zazitali akaona mzere umenewo nthawi zambiri safunsira n'komwe.

Pa zaka 22 mpaka 30 sindichedwapo. Palibe chimene munthu wa zaka 31 amalephera pa kaundula chimene wa zaka 30 amatha. Ngati mumaganiza za mphamvu, takambirana kale. Ngati mumaganiza za kompyuta, lembani kuti adziwe kulowetsa ndi kuwonkhetsa manambala mu Excel, ndipo mudzamuyese. Ngati pansi pamtima mumaganiza kuti wamng'ono savuta pa malipiro, lembani malipirowo poyera, kuyambira pati kulekezera pati, ndipo wamkulu amene akuwaona ochepa adzadutsa yekha. Malire a zaka amene ali ndi maziko ndi a m'munsi: pa ntchito zoika moyo kapena thanzi pachiswe, pangano la ILO nambala 138 la mu 1973 limaika zaka 18. Chenjeraninso ndi mawu amene amatchula zaka mozemba, monga "wachinyamata", "wongomaliza kumene sukulu", kapena mbali inayo "wokhwima maganizo". Ndipo mukamalemba zaka za luso pa ntchito, ikani zocheperapo zimene zikufunika, osaika zothera.

Digiri ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa pamaso imaoneka yosalakwa. Aliyense amati maphunziro sasala munthu. Koma tsankho lili pawiri. Lina ndi loonekera, longa "mnyamata". Lina ndi lobisika: lamulo limodzi kwa onse, koma lotsekereza gulu lina kwambiri popanda chifukwa chochokera ku ntchito. Mlandu wodziwika pa zimenezi ndi wa Griggs ndi kampani ya magetsi ya Duke Power, umene khothi lalikulu la ku America linagamula mu 1971. Kampaniyo inkafuna setifiketi ya kusekondale ndi kukhoza mayeso a nzeru kuti munthu alowe m'madipatimenti a malipiro abwino, zomwe zinkatsekereza anthu akuda ambiri chifukwa cha tsankho limene linalipo m'sukulu. Chimene chinagwetsa kampaniyo n'chakuti azungu amene analembedwa kale opanda setifiketiyo ankagwira bwino ntchito zomwezo, mpaka kumakwezedwa. Ndiye setifiketiyo inali ya chiyani?

Dzifunseni funso lomwelo. Munthu amene anaigwira bwino kwambiri ntchito imeneyi pamalo panu, kapena amene akugwirizira panopa, ali ndi digiri? Ngati alibe, digiriyo si chofunika pa ntchito, ndi sefa chabe yochepetsera makalata. Ndipo ndi sefa yoipa, chifukwa imataya munthu amene wakhala zaka zisanu ndi chimodzi akusunga katundu osasowetsa ndi msomali womwe, n'kukusiyirani wa digiri amene akungodikira kuti ntchito ya maphunziro ake ipezeke achoke. Zimene kalaliki wanu akufunikadi ndi kuwerengera molondola, kulemba zooneka, ndi kumva chikalata cha katundu. Lembani maphunziro ochepetsetsa amene amapereka zimenezo, n'kuwonjezera kuti "kapena luso lofanana nalo lopezedwa pa ntchito". Pamene lamulo likufuna pepala, monga laisensi kwa dalaivala kapena chiphaso kwa namwino, pamenepo palibe kunyengerera, pepalalo lilembedwe.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochita manyazi. Ndili wamng'ono pa ntchito yolemba anthu, ndinapatsidwa kuti ndikonze chilengezo cha kalaliki wa maakaunti pa kampani ina. Ndinatenga chilengezo chakale m'faelo, ndinasintha deti, n'kutumiza. M'menemo munali mzere wakuti wofunsira akhale ndi laisensi yoyendetsera galimoto. Patapita masiku awiri anaimba foni mayi wina, mawu ake odekha, nati: "Pepani, ndimafuna ndidziwe, galimotoyo ndizidzapita nayo kuti? Ine dokotala anandiletsa kuyendetsa, koma mabuku ndawasunga zaka zisanu ndi zitatu." Ndinati adikire, ndinapita kukafunsa akuluakulu. Panalibe anadziwa. Pomaliza wina anakumbukira kuti kalaliki wa zaka zambiri zapitazo ndiye ankapita ndi macheke kubanki, ntchito imene inatha kalekale. Mzerewo unangokhala ukukoperedwa chaka ndi chaka. Mayiyo anaimba, koma sindidziwa kuti ndi angati anangowerenga n'kupinda nyuzipepala. Kuyambira pamenepo mzere uliwonse ndimaufunsa kuti ukugwirizana ndi ntchito iti pa mndandanda wa zochita uja. Ukasowa mnzake, umachoka.

N'chifukwa chake zoyenereza muzizigawa pawiri, zofunika ndithu ndi zongowonjezera mwayi. Chofunika ndithu ndi chimene munthu akapanda kukhala nacho tsiku loyamba ntchito siyenda, ndipo simungamuphunzitse m'masabata ochepa. Zoterezi sizichuluka, zinayi kapena zisanu basi. Kudziwa maina a mapaipi ndi misinkhu ya misomali n'kwabwino, koma munthu wa mutu wake amaziphunzira mwezi usanathe, choncho zipite kwa zowonjezera. Kusakaniza ziwirizi kumapweteka anthu osamala, aja amawerenga mzere uliwonse n'kudzichotsa okha akaona kuti chimodzi alibe, pomwe wodzikhulupirira mopitirira amatumiza kalata ngakhale ali ndi theka.

Chithunzi musapemphe. Sichikuuzani kanthu za kaundula, koma chimakuuzani khungu, msinkhu, chovala cha chipembedzo, mwinanso ulumali, ndipo maso akaona, mtima umayamba kusankha musanawerenge kalata. Tsiku lobadwa, za banja ndi chiwerengero cha ana nazonso zidikire munthu atalembedwa, pamene zikufunika pa mapepala a ntchito. Chikalata cha kuchipatala chosonyeza kuti alibe HIV kapena kuti si woyembekezera musachitchule n'komwe. Malangizo a ILO nambala 200 a mu 2010 amanena kuti wofunsira ntchito asakakamizidwe kuyezetsa HIV, ndipo pangano nambala 183 la mu 2000 limaletsa kufuna kuyeza mimba polemba ntchito, kupatula pa ntchito zochepa zimene lamulo limaletsa oyembekezera kapena zoopsa kwa mayi ndi mwana.

Tikasonkhanitsa zonsezi, chilengezo chanu chikhoza kumveka chonchi, inu mudzasintha malinga ndi zimene kope lanu lapeza:

"Tikufuna kalaliki wa m'nyumba yosungira katundu, pa bizinesi yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Ntchito ndi yokhazikika, Lolemba mpaka Lachisanu 7:30 mpaka 16:30, ndi Loweruka mpaka 12:00. Adzakhala pansi pa manijala wa shopu.

Zochita: kulandira katundu kawiri pa sabata ndi kumufananiza ndi chikalata chobwera naye, kutulutsa katundu potsatira zikalata zosainidwa, kulowetsa zolowa ndi zotuluka mu Excel tsiku lililonse, kuwerenga sitoko yonse kumapeto kwa mwezi pamodzi ndi manijala, ndi kulemba lipoti la pamene pasiyana, kusanja katundu pa mashelefu, zomwe zimafuna kusuntha zinthu zolemera mpaka makilogalamu 25 kangapo patsiku. Kangolo kokankhira kalipo.

Zofunika ndithu: setifiketi ya kusekondale yokhala ndi masamu, kapena luso lofanana nalo lopezedwa pa ntchito, chaka chimodzi kapena kuposa pa ntchito yosunga katundu kapena kaundula wa ndalama, kutha kulowetsa ndi kuwonkhetsa manambala mu Excel, maina a anthu awiri amene anakuyang'aniranipo pa ntchito, amene tidzawafunse.

Zowonjezera mwayi: kudziwa zipangizo zomangira nyumba.

Tumizani kalata ndi mbiri ya maphunziro ndi ntchito zanu. Chithunzi sichikufunika. Amene adzaitanidwe adzayesedwa kuwerengera katundu ndi kulemba mu kompyuta. Aliyense wokwaniritsa zofunikazi ndi wolandiridwa, ndipo ngati muli ndi ulumali wofuna kuti tikonze zina pa tsiku la mafunso, tiuzeni m'kalata yanu."

Pansi pake muike malipiro, tsiku lotsekera kulandira makalata, ndi kumene atumize. Maolawo ndangopereka chitsanzo, muonetsetse kuti anu sakupitirira amene lamulo la kwanu limalola pa sabata. Onani kuti wojomba ndi wakuba aja sitinawaiwale: wina wayankhidwa ndi maola olembedwa poyera, wina ndi mboni ziwiri ndi kuwerenga sitoko muli awiri. Mzere wa ulumaliwo si wokometsera. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali la mu 2006 limaona kukana kukonza zinthu zing'onozing'ono zotheka ngati tsankho, ndipo nthawi zambiri chofunikacho ndi chaching'ono ndithu, monga kuchitira mafunso m'chipinda chapansi m'malo mwa chokwera masitepe. Koma mukalemba, mukhale okonzeka kuchita.

Pali kanthu kena kocheperako koma koyenera kukadziwa. M'Chichewa tili ndi mwayi wakuti "iye" ndi "adzagwira" sizinena mwamuna kapena mkazi. Tsankho lathu limalowera m'maina: mnyamata wa m'sitolo, mtsikana wa pa kauntala, mayi wosesa, bambo wolondera. Tchulani udindo, kalaliki, wolandira alendo, wosesa, mlonda. Ngakhale mawu ofotokoza khalidwe amatha kukankha anthu. Mu 2011 ofufuza atatu, Gaucher, Friesen ndi Kay, anaonetsa kuti zilengezo za m'Chingerezi zodzaza ndi mawu onena za mpikisano ndi kulamulira ena zinkachititsa akazi kuona ntchitoyo ngati yosawakopa, osati chifukwa chodzikayikira luso, koma poganiza kuti malowo si awo. Kafukufukuyo anali wa chinenero china, koma tanthauzo lake ndi lomveka: "wolimba mtima ngati mkango" kapena "wa nkhope yosangalatsa" owerenga amadziwa amene mukumuitana. "Wolimbikira" wanu uja alibe tsankho, kungoti ndi wopanda ntchito, palibe amalemba kalata n'kunena kuti ndine waulesi.

Mwina mufunsa ngati palibiretu nthawi yololedwa kutchula mwamuna, mkazi kapena chipembedzo. Ilipo, koma khomo lake ndi lopapatiza. Mpingo ukafuna m'busa ukhoza kufuna wa chikhulupiriro chake, koma pa wokonza mapaipi a patchalitchi chifukwacho chimafooka. Wofufuza m'thupi mwa akazi pa chipata cha chitetezo akhoza kufunika kukhala mkazi, chimodzimodzi wosewera gawo la mayi m'sewero. Ngakhale mlandu wa ku Alabama uja, khothi lomwe linakana za sikelo linalola kuti pa malo okhudzana mwachindunji ndi akaidi aamuna m'ndende zoopsa kwambiri za kumeneko pakhale amuna okha, poona mmene ndendezo zinalili nthawi imeneyo. Chimene sichiloledwa kukhala chifukwa ndi chakuti makasitomala amakonda mwamuna, kapena kuti antchito enawo ndi amuna okhaokha ndiye mkazi adzasowa mtendere. Chilankhulo nachonso chimodzimodzi: mukhoza kufuna munthu wotha kulankhula ndi makasitomala m'chilankhulo chakutichakuti ngati ntchito imaterodi, koma osalemba kuti chikhale chobadwa nacho, chifukwa pamenepo mwafunsa mtundu. Kulemba kuti amayi kapena anthu a ulumali akulimbikitsidwa kufunsira nthawi zambiri n'kololedwa, popeza sikutsekera wina. Kusungira gulu limodzi malowo ndi nkhani ina, imadalira lamulo la dziko, ndipo musachite musanafunse ku ofesi ya zantchito.

Musanatumize, perekani chilengezocho kwa anthu awiri osiyana nanu, mwina wamkazi mmodzi ndi wachikulire mmodzi, muwafunse kuti ntchito imeneyi munthu azidzachita chiyani tsiku lonse, ndiponso ngati pali mawu amene awapangitsa kumva kuti si yawo. Akalephera funso loyamba, zochita sizinamveke. Makalata akabwera, yang'anani mulu wonsewo musanayambe kusankha. Ngati onse ndi amuna a msinkhu umodzi, mwina pali liwu lotsalira, kapena vuto ndi kumene munalengezera. Chilengezo choyera chimene changozungulira pa foni za anzanu a mpingo umodzi chimabweretsa anthu a mpingo umodzi.

Ndipo chilengezo chikhoza kukhala choyera, tsankho n'kudzalowera pa tsiku la mafunso, pamene pakamwa pamatuluka "muli pabanja?" kapena "mumapemphera kuti?" ngati macheza chabe. Njira yodzitetezera ndi kukonzeratu pepala lowerengera mapointi lochokera pa zofunika zinayi zija, makalata asanatsegulidwe. Mafunso akhale amodzimodzi kwa onse, ndipo mayeso akhale a ntchito yeniyeniyo. Konzani shelefu ya zinthu 20, muwapatse kaundula amene mwaikamo dala zolakwika zitatu, monga zidebe 12 pamene pa shelefu pali 11, ndipo muwapatse mphindi 15 kuti azipeze ndi kulemba zimene apeza. Kenako alowetse mizere khumi mu Excel n'kuwonkhetsa. Mapepala a mapointiwo muwasunge pamodzi ndi chilengezocho kwa miyezi ingapo, kuti wina amene sanatengedwe akadzafunsa chifukwa, mudzatsegule faelo n'kumuonetsa kuti iye anapeza cholakwika chimodzi pomwe amene munamulembayo anapeza zonse zitatu.